Funsani Azakhali: Bambo a kunyumba akuti 5 ndi wochepa kwa 400

Azakhali,

Ndimakhala ku Malomo ndipo ndili ndi pakati pa miyezi 5. Kusikelo amandipatsa mankhwala owonjezera magazi, ndipo papaketi pake panalembedwa kuti foliki asidi wake ndi 400 mcg. Amuna anga ali ku Joni. Anditumizira pa WhatsApp chithunzi cha mabotolo awiri amene agula, akuti abwera ndi wabasi. Lina ndi la foliki asidi, pakuoneka 5 ndi timalemba tosaoneka bwino. Iwo akuti poti 5 ndi wochepa kwa 400, ndizidzamwa angapo patsiku. Linalo ndi vitamini D, ine ndikuwerenga 10001U. Nditani?

Wodikira katundu, Malomo

Mwana wanga,

Bambo akowo uwathokoze, pakuti ena akafika ku Joni amaiwala ndi dzina la mudzi lomwe. Koma masamu awowo asiyire komweko. Ndikadawapeza pafupi ndikadawafunsa kuti pakati pa matumba 5 a soya ndi zikho 400 angasankhe ziti, ndione ngati angathamangire nambala yaikuluyo.

Nambala ya pa botolo siyenda yokha, imatsatana ndi timalemba, ndipo nkhani yonse ili pa timalembato. Pakalembedwa mg ndiye miligalamu. Pakalembedwa mcg, µg kapena ug ndiye mayikilogalamu, ndipo mayikilogalamu 1,000 ndi amene amakwana miligalamu imodzi. Choncho 400 mcg wako wa kusikelo ndi 0.4 mg, sakwana ndi theka lomwe la miligalamu. Piritsi la foliki asidi lolembedwa 5, lomwe ku South Africa ndi lofala kwa amayi oyembekezera, ndi la 5 mg, kutanthauza 5,000 mcg. Gawa 5,000 ndi 400, upeza 12.5. Piritsi limodzi limene bambo akuliyesa laling'onolo likuposa mlingo wako wa tsiku ka 12 ndi theka. Tsono iwo akuti uzimwa angapo!

Usachite mantha, piritsi la 5 mg si poizoni. Alipo amayi amene adokotala amawalembera dala, monga amene amamwa mankhwala ena a khunyu kapena anaberekapo mwana wa chilema cha msana. Vuto lako lili poti ukukhala kuno kwa udzudzu. Sikelo ya kuno imapereka SP, yemwe ambiri timangoti fansida, mapiritsi atatu aja amene umameza anamwino akukuyang'ana kuti usakawataye kuseri kwa chipatala (ndimakudziwani atsikana inu). Amayamba kupereka pakati pakakwana masabata 13, kenako pakadutsa mwezi kapena kuposerapo. Fansidayu amapha tizirombo ta malungo potitsekera njira yopangira chakudya cha mtundu wa foliki asidi chimene timafuna kuti tiswane. Iwe ukamathira 5 mg m'magazi tsiku ndi tsiku, tiziromboto timapeza poyambira ndipo fansida amafooka. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi wolandira SP azimwa 0.4 mg patsiku, asaphatikize ndi mlingo wa 5 mg kapena kuposa apo. Amayi a ku Joni samwetsedwa fansida kusikelo, ndiye wogulitsa uja sakanawachenjeza bambo ako. Malungo a mayi wapakati amathetsa magazi ndipo mwana amatha kubadwa wochepa sikelo, zomwe mapiritsi onsewa akuyesa kupewa.

Ndiye botolo limenelo likafika, usalitsegule. Pita nalo kusikelo ku Malomo komweko, uwaonetse anamwino pamodzi ndi buku lako lachipatala, anene okha. Pakadali pano pitiriza amene anakupatsa.

Tibwere ku 10001U wakoyo. Nambala yotero kulibe, mwana wanga. Chimene waona ngati 1 womaliza ndi chilembo I, ndipo palembedwa 1000 IU. Ena I ndi U ameneyu amamuwerenga ngati 10, n'kupeza 100010, mtima n'kuyamba kuthamanga. IU sayeza kulemera ngati mg. Amayeza mphamvu ya mankhwala m'thupi malinga ndi muyeso umene maiko anagwirizana, ndipo mankhwala alionse ali ndi masamu akeake. Kwa vitamini D, 40 IU ndi 1 mcg, choncho 1000 IU ndi 25 mcg basi. Botolo lina limalemba 25 mcg, lina 1000 IU, koma ndi chinthu chimodzi. Masamu amenewa usawasamutsire kwa vitamini A, poti kumeneko 1 IU ndi 0.3 mcg ya retinolo.

Ndatchula vitamini A dala, chifukwa ndi amene ziro zake zimaluma. Timakapisozi tija azaumoyo amadontheza mkamwa mwa ana, tabuluu ndi 100,000 IU ta ana a miyezi 6 mpaka 11, tofiira ndi 200,000 IU ta ana a miyezi 12 mpaka 59, ndipo amapereka patapita miyezi, osati tsiku lililonse. Mayi wapakati sayenera kupitirira 10,000 IU patsiku, chifukwa vitamini A wochuluka angapundule mwana m'mimba. Pakati pa 10,000 ndi 100,000 pali ziro imodzi yokha, ndipo pa botolo lozungulira ziro yomalizayo imakhota n'kubisala kumbali kumene kamera sinafike. Vitamini D nayenso ali ndi makapisozi a 50,000 IU amene adokotala amalemba kuti azimwedwa mwa apo ndi apo, monga kamodzi pa sabata. Choncho usanakhulupirire 1000 wa pachithunzi, bambo atembenuze botolo tione ngati ziro zatheradi pomwepo. Ameneyunso akaonedwe ndi anamwino usanamwe.

Chithunzi chimanama m'njira zake. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bando, ndipo zoyamba kufufutika ndi timadontho ndi timichira. Ka µ kakafufutika kamatha kuoneka ngati m, µg n'kusanduka mg, ndipo pamenepo walakwitsa ka 1,000. Kadontho ka 0.4 kakamira m'kuwala kwa tochi ya foni umawerenga 04, n'kumati ndi 4. Komanso ku South Africa mabotolo ambiri amalemba 0,4 mg ndi koma pamene ife timaika dontho, pomwe kuno koma timagawira masauzande. Ukaona 1,25 mg usayese 125.

Uwauze bambo ajambulenso masana, panja pa mthunzi, tochi yozimitsa, atapukuta galasi la kamera ndi malaya. Ajambule katoni yafulati m'malo mwa botolo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa kumbuyoko ndiko amanena ngati nambalayo ndi ya piritsi limodzi kapena awiri. Potumiza asankhe Document kuti chithunzi chibwere chosafinyidwa. Akatero alembenso ndi zala zawo dzina, nambala ndi timalemba take, kenako akuwerengere pafoni chilembo chimodzichimodzi: emu-ji kapena emu-si-ji. Zolemba, mawu ndi chithunzi zikasiyana, dikira botolo lifike m'manja.

Ndipo ulendo wina akafuna kuonetsa chikondi, uwanong'oneze kuti mapiritsi ulandira kusikelo, iwo atumize zitenje ndi ndalama ya thiransipoti yopitira ku chipatala tsiku likadzakwana. Akakwiya, uwapatse nambala yanga.

Azakhali