Kuduladula Lipoti la Msonkhano Pafoni: Mafunso ndi Mayankho

N'chifukwa chiyani mlembi amaduladula lipoti?

Zokambirana za komiti ya mjigo, ya sukulu kapena ya VDC zimatha kudzaza masamba atatu a kope. Munthu amene akugulitsa pamsika wa Namadzi, kapena ali m'minibasi yopita ku Limbe kapena ku Zomba, sangawerenge zonsezo pafoni. Komanso ena ali ndi foni zamabatani, ndipo SMS imodzi imatenga zilembo 160 zokha.

Nanga tanthauzo limatayika pati?

Limatayika pamene mfundo yasiyanitsidwa ndi malire ake. Tiyerekeze kuti komiti ya mjigo inagwirizana kuti banja lililonse lizisonkha K1,000 pamwezi, kupatula okalamba, ndipo kusonkhako kudzayamba pokhapokha agulupu akavomereza. Mlembi akulemba uthenga woyamba kuti, "Banja lililonse K1,000 pamwezi." Za okalamba akuziika mu uthenga wachitatu, za agulupu mu wachisanu. Palibe bodza limene walemba, koma wowerenga uthenga woyamba wokha ayamba kulonjerera agogo ndalama imene sanauzidwe kupereka. Mawu aang'ono ngati "kupatula", "pokhapokha" ndi "ngati" ndi amene asenza chigamulo chonse.

Koma mauthengawo si amafika motsatana?

Amafika motsatana pagulu la WhatsApp limene mlembi watumizako, ngakhale kuti pomwepo ena amalowetsa moni ndi mafunso pakati. Vuto lalikulu ndi loti uthenga uliwonse ungatumizidwe pawokha kugulu lina. Ukafika kwa wachibale amene ali ku Joni, umafika wopanda anzake. Mawu ngati "iwo anakana" sasonyezanso kuti anakana ndani, ndipo "mawa" amasanduka tsiku lina lililonse.

Kudula kwabwino n'kotani?

Dulani pamene pathera mfundo, osati pamene uthenga wayamba kutalika. Uthenga umodzi ukhale ndi chigamulo chimodzi pamodzi ndi malire ake, wochita ntchitoyo ndiponso deti lenileni. Muyambe ndi nambala, monga 2/5, kuti wolandira adziwe kuti pali ena. Mwachitsanzo: "2/5 Komiti ya mjigo: tagwirizana K1,000 pamwezi banja lililonse, kupatula okalamba. Tisayambe kusonkha mpaka agulupu atavomereza."

Musiyanitsenso zimene munthu anangopereka ngati ganizo ndi zimene msonkhano unamanga. "Kunaperekedwa ganizo" ndi "tagwirizana" zisasakanikirane.

Tingadziwe bwanji kuti tadula bwino?

Musanatumize, sankhani uthenga umodzi wapakati n'kuwerengera munthu amene kumsonkhanoko kunalibe, kenako mumufunse zimene akuyenera kuchita. Akayankha kuti, "Ndiye ndikapereke lero?", dziwani kuti malire a mfundoyo atsalira mu uthenga wina, ndipo muwabwezere. Uthenga womaliza unene amene akusunga kope, chifukwa pakabuka mkangano anthu adzatsegula kopelo, lomwe wapampando anasainira.