Usanapereke buku lako m'manja mwa munthu

Mphwanga, wandifunsa kuti ukalembetse kuti buku lako kuti anthu asakubere. Ndikuyankhe mosazungulira: buku lako ndi lotetezedwa kale. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso, lomwe ena amangoti kopiraiti, limayamba kugwira ntchito pomwe nkhani yatsika m'mutu mwako n'kukhala papepala kapena m'kompyuta. Silidikira chidindo, silidikira kuti buku lisindikizidwe. Kuno kwathu lamulo limeneli ndi la chaka cha 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989, ndipo Malawi adalowa nawo m'pangano la Berne mu 1991. Pangano limeneli limati mayiko a m'panganomo ateteze mabuku a anzawo popanda kufuna kalata iliyonse ya kalembera. Choncho buku lomwe walembera ku Ntcheu ndi lotetezedwanso ku Zambia ndi ku South Africa.

Lamuloli limakupatsa mphamvu yoti iwe wekha ndiye ulole kuti bukulo lisindikizidwe, lijambulidwe pamakina, limasuliridwe m'chinenero china, kapena lisandutsidwe sewero la pawailesi. Mphamvuyi imakhalapo moyo wako wonse ndi zaka 50 utamwalira, ndiye kuti ndi chuma chomwe ana ako angadzadyerepo. Limakupatsanso ufulu woti dzina lako litchulidwe pa ntchito yako, ndi wokana munthu akaipotoza mokuchotsera ulemu.

Koma dziwa pomwe lamulo limalekezera, chifukwa apa ndi pomwe alembi ambiri amalira popanda wowamva. Limateteza mawu ako ndi momwe waiyalira nkhani, osati ganizo lokha. Ukafotokozera mnzako pa minibasi kuti ukufuna kulemba za mtsikana wamasiye wolandidwa munda ndi abale a bambo ake, iye n'kukalemba yake ndi mawu ake, ulibe mlandu woti ungamuimbe. Za kulanda chuma cha amasiye aliyense angathe kulemba. Mlandu umayamba akatenga ndime zako, kapena akatsata nkhani yako mutu ndi mutu, anthu omwewo ndi zochitika zomwezo, n'kungosintha mayina. Dzina la buku palokha nalonso kawirikawiri silitetezeka. Ndiye nkhani yomwe sunailembe usamaiyanike pabwalo. Yamba walemba.

Tsono kukhala mwini ndi kwina, kusonyeza kuti ndiwe mwini ndi kwinanso. Tsiku la mkangano funso limakhala limodzi: adayamba kulemba ndani? Yankho lake ndi mapepala. Makope ako oyamba aja, ofufutafufuta, okhala ndi mivi yolozera m'mphepete ndi dontho la tiyi patsamba lachitatu, usawasandutse choyatsira mbaula. Lembapo masiku. Wakuba amakhala ndi buku loyera lomaliza, koma sangaonetse pomwe mutu wachisanu udali wachiwiri, kapena pomwe Nabanda wa m'nkhanimo adayamba ali Nachisale. Ngati umalembera pakompyuta, usamangofufuta n'kusunga pafayilo yomweyo. Ukasintha zambiri, sunga fayilo yatsopano yokhala ndi tsiku m'dzina lake. Ukamaliza, dzitumizire wekha pa imelo, tsiku ndi nthawi zikhale pomwepo. Kenako pita ku COSOMA, bungwe la ku Lilongwe loyang'anira za umwini wa ntchito zaluso, ukalembetse ngati membala ndi kudziwitsa za ntchito yako. Kutero sikukupatsa umwini, poti uli nawo kale, koma kumawonjezera umboni, ndiponso ndi kudzera kumeneko komwe mlembi amalandira kangachepe pa ndalama zomwe sukulu ndi ena amalipira chifukwa chojambula masamba a mabuku pamakina. Nambala ya ISBN, yomwe kuno imaperekedwa ku National Archives ku Zomba, ndi yozindikirira buku pamalonda basi, si umboni wa umwini.

Kumbukiranso wokutayipira. Ambiri timapereka makope kwa munthu wa pamalo otayipira m'tauni, n'kutenga fulashi yathu n'kumapita, buku lonse litatsala m'kompyuta yomwe mawa atayipirapo munthu wina kalata yofunsira ntchito. Imirira pomwepo afufute ukuona. Ndipo buku lonse usaliponye m'gulu la WhatsApp ati kufuna maganizo a anthu. Likalowa m'mafoni makumi asanu, lamulo likadali kumbali yako, koma ukasumira ndani? Sankha owerenga awiri kapena atatu, tumizira aliyense payekha pa imelo, ndi mawu ochepa oti ukumupatsa kuti awerenge ndi kukuuza maganizo, asapatse wina. Patsamba loyamba lembapo chizindikiro cha ©, dzina lako ndi chaka. Lamulo silikukakamiza kutero, koma munthu sangadzanene kuti sadadziwe mwini wake.

Kunena zoona, mabuku ambiri satayika chifukwa cha akuba. Amatayika ndi siginecha ya mwini wake. Wosindikiza wodziwika kawirikawiri sakuba buku, chifukwa mbiri yake ndiyo chuma chake. Amangokupatsa pepala, iwe chimwemwe chitadzaza tsaya, n'kusaina osawerenga. Papepalapo yang'ana chinthu chimodzi choyamba: kodi ukugulitsa umwini, kapena ukupereka chilolezo? Zili ngati munda. Wobwereketsa amaika malire ndi nyengo, munda n'kubwerera. Wogulitsa sadzakololanso ngakhale maungu a m'mphepete. Ukaona mawu oti ukupereka umwini wonse, m'mayiko onse, m'zinenero zonse, kwa nthawi yonse, dziwa kuti bukulo likadzasankhidwa kukhala lowerengedwa m'sukulu za sekondale, phindu lidzapita kwa wina. Pempha chilolezo chokhala ndi malire: asindikize m'Chichewa, kwa zaka mwina zisanu, zomasulira ndi za sewero zitsale kwa iwe, ndipo buku likatha m'masitolo iwo osalisindikizanso, ufulu ubwerere kwa iwe. Malamulo a mipikisano ya zolembalemba uziwawerenga ndi diso lomwelo, chifukwa ena amati chilichonse chotumizidwa chakhala chawo, upambane usapambane.

Kenako werengera ndalama ndi cholembera m'manja. Tiyerekeze kuti buku likugulitsidwa K8,000 ndipo pepala likuti gawo lako ndi 10 peresenti. Funsa kuti 10 peresenti ya chiyani. Ikakhala ya mtengo wa m'sitolo, ndi K800 pa buku, ndipo mabuku 1,000 akupatsa K800,000. Ikakhala ya ndalama yomwe wosindikiza walandira, sitolo itachotsa kale gawo lake, tinene 30 peresenti, wosindikiza walandira K5,600, iwe K560, ndipo pa mabuku omwewo upeza K560,000. Mawu awiri atatu okha adya K240,000. Njira yachiwiriyi si kuba, ambiri amaitsata, koma uilowe ukudziwa. Pepalalo linenenso kuti adzasindikiza mabuku angati, adzakuonetsa liti chiwerengero cha ogulitsidwa, ndipo adzakulipira kangati pa chaka.

Ngati ukudzisindikizira wekha, mapepala ukuwafunabe, kungoti tsopano wopempha chilolezo ndiwe. Ndi wojambula chithunzi cha pachikuto mulemberane za umwini wa chithunzicho ndi za ufulu wochiika pa mabuku onse omwe udzasindikize. Mnzako yemwe wakukonzera chilankhulo mugwirizane poyamba kuti ndi mkonzi, osati mlembi mnzako, ndipo malipiro ake ndi akuti. Ngati mwalembadi awiri, lembani gawo la aliyense buku lisanatuluke m'nyumba, pomwe mukumwerabe tiyi limodzi. Ndipo ngati m'bukumo waikamo ndakatulo ya munthu wina kapena mawu a nyimbo yonse, kapemphe chilolezo kwa mwini wake, akuyankhe molemba, kalatayo uisunge pamodzi ndi makope ako aja.