Akakulemberani okha za ntchito, inu musanagwirepo kulikonse

Makalata atatu amene ndasankha lero akukamba nkhani imodzi, choncho ndiwayankhira pamodzi. Yoyamba yachokera kwa chemwali wathu wa ku Ndirande. Iwo akuti: "Ndatsiriza digiri ya zowerengera ndalama ku MUBAS chaka chino. Munthu wina wandilembera pa LinkedIn kuti waona mbiri yanga ndipo ali ndi malo a wothandizira akauntanti. Ine sindinagwirepo ntchito kupatula atachimenti ya miyezi itatu. Ndikuopa kuti ndikayankha aona kuti ndilibe kanthu. Nditani?"

Chemwali, tiyambe ndi funso limene simunadzifunse: kodi munthuyo anakupezani bwanji? Anthu ofunafuna antchito pa LinkedIn salota dzina la munthu. Amalemba mawu angapo m'malo ofufuzira, monga dzina la maphunziro, mzinda ndi chaka chomalizira sukulu, kenako n'kuona mayina amene atuluka. Mbiri yanu inatuluka, iye anaitsegula, ndipo pamenepo panalembedwa chaka chimene mwatsiriza sukulu, pomwe malo olembapo ntchito zakale ali pululu. Chimene mukuopa kuti adzachitulukira anachiona kale asanalembe. Ndiye yankho lopepesa, lija lakuti "pepani ndilibe luso lililonse koma ndine wolimbikira", limangomupatsa chikayiko chimene analibe. Taganiziraninso mbali yake. Uthenga umenewo mwina watumizidwa kwa anthu ambiri tsiku lomwelo, ndipo iye akufuna kudziwa zinthu zochepa chabe: kodi munthuyu ali ndi chidwi, kodi akudziwadi zimene analemba pa mbiri yake, ndipo ndingalankhule naye liti? Yankho lanu si kalata yofunsira ntchito ayi. Cholinga chake n'chakuti mukumane kapena mulankhulane pafoni, komanso kuti mudziwe ngati ntchitoyo ilipodi. Mfundo yanga lero ndi yakuti uthenga umodzi waufupi, wonena zoona ndiponso wofunsa mafunso, umakwanitsa zonse ziwirizi nthawi imodzi.

Ndikuwerengereni mmene yankho lotere lingamvekere. Ndiliwerenga m'Chichewa chifukwa tili pa wailesi, koma inu mudzayankhe m'chilankhulo chimene wakulemberani, ndipo mumutchule Bambo kapena Mayi ndi dzina la makolo ake, ngakhale iye atakutchulani dzina lanu loyamba. "Zikomo pondilembera za malo a wothandizira akauntanti. Ndili ndi chidwi. Ndatsiriza digiri yanga chaka chino, ndipo pa atachimenti ya miyezi itatu ndinkayerekeza mabuku a kampani ndi sitetimenti ya kubanki mwezi uliwonse, komanso ndinkalowetsa mainivoisi mu Sage. Chonde ndiuzeni dzina la kampani yofuna munthuyo, malo ogwirira ntchito, ndipo munditumizire chikalata chofotokoza ntchitoyo. Ndingathe kulankhula nanu Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa." Basi. Taonani kuti palibe pamene mwabisa kuti ndinu watsopano, pakuti miyezi itatu mwaitchula poyera, koma simunaime pamenepo n'kumadandaula. Mwanena zimene manja anu anagwira. Munthu wodziwa ntchito imeneyi akamva za kuyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki amadziwa kuti ndiyo ntchito yeniyeni imene wothandizira akauntanti amapatsidwa kumapeto kwa mwezi, ndipo chiganizo chimodzicho chimaposa ndime yonse yonena kuti ndinu wokhulupirika, wachangu ndi woopa Mulungu. Yankhani tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa mndandanda wa oitanidwa ku intaviyu sudikira munthu.

Wina anganene kuti, nanga amene alibe ngakhale atachimenti? Nayenso ali ndi choti atchule, bola chikhale chinthu chimene anachichitadi ndipo angachifotokoze atafunsidwa: kafukufuku wa chaka chomaliza ndi njira imene anasonkhanitsira mayankho, usungichuma wa bungwe la ophunzira kapena wa achinyamata kumpingo, kulemba zolowa ndi zotuluka mu golosale ya makolo. Asankhe chimodzi kapena ziwiri zogwirizana ndi ntchitoyo, ndipo azitchule ndi dzina lake lenileni. Golosale ya amayi ikhale golosale ya amayi, isasanduke kampani yogulitsa katundu imene iye anali manijala wake.

Zimenezi zikutifikitsa pa kalata yachiwiri, ya achimwene a ku Mzuzu, amene akuti wowalembera watumiza chikalata chonena kuti ntchitoyo ikufuna munthu wa zaka ziwiri pantchito, ndipo anzawo awalangiza kuti atalikitse atachimenti yawo ioneke ngati ya chaka chathunthu. "Aliyense amatero," akutero. Achimwene, sindikana kuti ena amatero ndipo ena amapulumuka. Koma tawerengerani chimene mukugula ndi bodzalo. Mbiri yanu ya pa intaneti anaiona kale ndi madeti ake. Sivi imene mutumize ikasiyana nayo, iye aona kusiyanako musanalowe n'komwe m'chipinda cha intaviyu. Akakukondani adzaimbira foni amene ankakuyang'anirani pa atachimenti, ndipo funso loyamba limakhala lakuti munagwira kuyambira liti mpaka liti. M'ntchito zambiri za kwathu kuno anthu amadziwana, anaphunzira limodzi, amakumana m'misonkhano. Ndiponso munthu amene wanena kuti wagwira chaka amafunsidwa mafunso a munthu wa chaka, pamene wonena kuti ndi watsopano amayesedwa ngati watsopano. Bodza limakukwezerani mayeso. Chanzeru n'kufunsa mosabisa kuti: "Ndaona kuti ntchitoyi ikufuna zaka ziwiri, ine ndili ndi miyezi itatu ya atachimenti. Kodi zakazo n'zosasinthika, kapena kampani ingaganizire wongotsiriza kumene?" Nthawi zina zaka zimalembedwa ngati chokhumba chabe, ndipo wofunafunayo amadziwa pamene abwana angafewe. Nthawi zina n'zosasinthika, ndipo akakuuzani choncho mwapulumutsa ndalama ya basi yopita ku Lilongwe. Pamenepo mumuthokoze, n'kumupempha kuti akukumbukireni pakadzapezeka malo a oyamba kumene, chifukwa munthu ameneyu mawa adzakhala akufunafunanso wina.

Kalata yachitatu ndiyo yandikhalitsa pansi. Womvera wa ku Zomba akuti: "Inu mumati tizifunsa mafunso, koma ife ndife opempha. Wopempha safunsa kuti nsimayi yaphikidwa ndi ndani. Kodi sindioneka wamwano?" Mantha amenewa ndi enieni, ndipo amachokera ku ulemu umene tinaleredwa nawo, wakuti mwana sapanikiza wamkulu ndi mafunso. Koma pano simunapemphe. Wokulemberaniyo ndiye wagogoda. Ndipo muyenera kudziwa mmene anthu ofunafuna antchito amapezera ndalama. Ena ndi antchito a kampani yomweyo, a ku ofesi yoona za antchito, ndipo amalandira malipiro awo pamwezi. Ena ndi a mabungwe apadera amene kampani imawalipira akaipezera munthu woyenera. Mbali zonse ziwiri, wolipira ndi wolemba ntchito, osati wofuna ntchito. Pangano nambala 181 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 1997, limanena kuti mabungwe otere asamalipiritse ogwira ntchito. Choncho wofunafuna weniweni akufuna kuti inu mumvetse ntchitoyo msanga, ndipo mafunso a dzina la kampani, malo ndi chikalata cha ntchito amawayankha tsiku lililonse osaona chachilendo. Amene amakwiya nawo, kapena kuwazemba n'kumakufulumizitsani kuti malo atsala amodzi, ndi amene alibe mayankho. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Apa ndi pamene uthenga waufupi uja umagwira ntchito yake yachiwiri. Wongotsiriza sukulu ndiye amene akuba amamusaka, chifukwa ali ndi njala ya ntchito ndipo sanaonepo mmene kulemba ntchito kwenikweni kumayendera. Njira yawo imadziwika: amakuyamikirani, amakulonjezani malipiro oposa a munthu woyamba kumene, amakupatsani ntchito popanda intaviyu, kenako amati mutumize kandalama ka fomu, ka kuchipatala kapena ka maphunziro oyambira pa Airtel Money kapena Mpamba, ku nambala ya munthu. Ndalama ikangotchulidwa, nkhani yatha. Musakambirane za kuchepetsa. Ena safuna ndalama koma zikalata: chithunzi cha chiphaso cha unzika, pasipoti, kapena manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp yakutumizirani, amene akawapeza amalanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Pa uthenga woyamba, sivi yokha ndi yokwanira, ndipo pa siviyo pasakhale nambala ya chiphaso. Zikakhala za ntchito ya kunja, chenjezo likule. M'chaka cha 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito, ena kudzera pa Facebook, n'kukapezeka ali mu ukapolo m'nyumba za anthu ku Oman. Dziko lino lili ndi lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu la chaka cha 2015, koma lamulo limavutika kukufikirani mukakhala kunja pasipoti ili m'manja mwa wina. Musanavomere ntchito ya kunja, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukafunse za bungwe limene likukutenganilo.

Pali zotsutsa ziwiri zimene ndiyenera kuzivomereza pang'ono. Choyamba, mabungwe ena oona sanena dzina la kampani pa uthenga woyamba, poopa kuti mupita nokha iwo n'kuluza malipiro awo, kapena chifukwa kampaniyo sikufuna kuti zidziwike kuti ikusintha munthu. Zimenezi zimachitika, ndipo si umboni wa kuba. Koma ngakhale wotere anganene dzina la bungwe lake, mtundu wa kampaniyo ndi mzinda, ndipo dzina lenileni liyenera kutuluka musanapite ku intaviyu ndiponso sivi yanu isanaperekedwe kwa wina. Chachiwiri, anthu amati imelo ya Gmail ndi chizindikiro cha wakuba. Kwathu kuno makampani ang'onoang'ono ambiri oona amagwiritsa ntchito Gmail, ndiye chizindikiro chimenechi pachokha n'chofooka. Chimalemera pamene munthu akuti akuimira banki yaikulu kapena bungwe la United Nations koma imelo yake si ya bungwelo. Njira yodalirika ndi yakale ija: pezani nokha nambala ya kampaniyo, osati imene wakupatsani iye, imbani, ndipo mufunse ngati munthuyo amamudziwa ndiponso ngati malowo alipo.

Za malipiro, chemwali a ku Ndirande, musayambe ndinu pa uthenga woyamba. Akakufunsani kuti mukufuna zingati, mufunseni kaye kuti kampani yakonza pakati pa zingati ndi zingati, ndiponso ngati ndalamayo ndi ya msonkho usanachotsedwe, chifukwa oyamba kumene ambiri amavomera nambala kenako n'kudabwa nayo pakutha pa mwezi. Mukayankha iye n'kukhala chete, dikirani sabata imodzi, mutumize uthenga umodzi wa mizere iwiri wokumbutsa kuti mudakali ndi chidwi, kenako musiye. Kukhala chete kwake nthawi zambiri kumatanthauza kuti malowo adzaza kapena kampani yaimitsa kaye, ndipo mauthenga a tsiku ndi tsiku sasintha zimenezo. Pa nthawi yodikirayo bwererani ku mbiri yanu ya pa LinkedIn mukalembepo ntchito zija munagwira pa atachimenti, ndi mayina ake enieni monga Sage ndi Excel, chifukwa mawu amenewo ndi amene wofunafuna wotsatira adzalembe m'malo ofufuzira.