Invoisi ya pa foni: kulekanitsa VAT ndi msonkho wodulidwa musanalembe m'buku

Amalonda ambiri omwe amapereka katundu ku mafakitale a ku Makata amadandaula chinthu chimodzi: ndalama yomwe yalowa kubanki siyifanana ndi yomwe inalembedwa pa invoisi. Kusiyanaku nthawi zambiri si kuba. Pa pepala limodzilo pamakhala misonkho iwiri yoyenda mosiyana. VAT imawonjezeredwa pamwamba pa mtengo wa katundu, pomwe msonkho wodulidwa pamalipiro, womwe pamapepala umalembedwa kuti WHT, umachotsedwa ndi wogula asanapereke ndalama. Wamalonda akaisakaniza, buku lake limamunamiza.

Mwachitsanzo, mayi wina wa ku Ndirande, yemwe analembetsa VAT ku MRA, wagulitsa maovololo 100 ku fakitale ina ya ku Makata pa mtengo wa K20,000 imodzi. Invoisi yeniyeni yatsala ku ofesi ya fakitale, ndipo chomwe mayiyu ali nacho ndi chithunzi chomwe kalaliki wa kumeneko wamutumizira pa foni. Pachithunzipo pali mizere itatu yosindikizidwa ndi umodzi wolembedwa ndi bolopeni.

Mzere wa Subtotal ukusonyeza K2,000,000. Umenewu ndiwo mtengo wa maovololo okhaokha. Pansi pake pali VAT ya K330,000, yowerengedwa pa 16.5 peresenti, mlingo womwe unagwira ntchito kwa zaka zambiri m'Malawi muno mpaka kumapeto kwa 2025. Milingo ya misonkho imasinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo, choncho wowerengera ayenera kutsatira mlingo wa pa tsiku lomwe invoisi inalembedwa. Mzere wa Total ukusonyeza K2,330,000. Mzere wa bolopeni uja, womwe walembedwa ndi a ku fakitale, ukuti Less WHT 3%, osatchula ndalama.

Asanalembe chilichonse, mayiyu ayenera kuyesa ngati maso ake awerenga bwino. Chithunzi chojambulidwa mumdima kapena papepala lopindika chimasandutsa 3 kukhala 8, moti K330,000 itha kuoneka ngati K380,000. Yankho lake ndi kuphatikiza: mtengo wa katundu ndi VAT ziyenera kupereka ndendende zomwe zili pa Total. Zikakana, ndiye kuti nambala imodzi yawerengedwa molakwika, ndipo ndi bwino kupempha chithunzi china. Aonenso kuti tsiku, nambala ya invoisi ndi TPIN sizinadulidwe m'mphepete mwa chithunzi, chifukwa tsikulo ndilo limanena mwezi womwe VAT iyenera kulipiridwa.

Nthawi zina chithunzi chimaonetsa Total yokha. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amatenga 16.5 peresenti ya K2,330,000 n'kupeza K384,450, ndalama yoposa VAT yeniyeni ndi K54,450. VAT ili kale m'kati mwa Total, choncho njira yolondola ndi kugawa, kenako kuchotsera:

```
2,330,000 / 1.165 = 2,000,000
2,330,000 - 2,000,000 = 330,000
```

Tsopano mzere wa bolopeni uja. Msonkho wodulidwa umawerengedwa pa mtengo wa katundu VAT isanawonjezeredwe, chifukwa ndi msonkho wa pa zomwe wamalonda wapeza, ndipo VAT si ndalama yomwe iye wapeza. Pa katundu woperekedwa ku makampani ndi mabungwe mlingo wake ndi 3 peresenti, kutanthauza kuti pa K2,000,000 fakitale idula K60,000. Mayiyu ayembekezere K2,270,000 kubanki.

Uthenga wa kubanki ukabwera ndi K2,260,100, chizindikiro chake n'choonekeratu: kalaliki wadula 3 peresenti pa Total yonse n'kupeza K69,900. Pamenepo K9,900 yadulidwa mopitirira, ndipo ndi bwino kuyifunsa msanga fakitale isanatumize msonkhowo ku MRA. Invoisi ikakhala ndi zinthu zosiyana, monga katundu pamodzi ndi ntchito yokonza makina, mzere uliwonse uwerengedwe paokha, chifukwa malipiro a ntchito amadulidwa pa mlingo wokwera kuposa wa katundu.

Manambala akatsimikizika, kulemba m'buku kumachitika kawiri, pa masiku awiri osiyana. Aakaunti amaika Dr kumanzere ndi Cr kumanja, ndipo lamulo lake ndi lakuti mbali ziwirizi zifanane. Pa tsiku la invoisi ndalama sinabwere, koma ngongole ya fakitale yabadwa kale:

```
Dr  Ngongole ya fakitale   2,330,000
    Cr  Zogulitsa              2,000,000
    Cr  VAT ya MRA               330,000
```

Msonkho wodulidwa sukuoneka pano chifukwa sunadulidwebe. Umalowa m'buku pa tsiku lomwe fakitale yalipira:

```
Dr  Banki                  2,270,000
Dr  WHT yodulidwa             60,000
    Cr  Ngongole ya fakitale   2,330,000
```

Kumanzere K2,270,000 ndi K60,000 zikupanga K2,330,000, ndipo ngongole ya fakitale yatsekedwa yonse. Wamalonda yemwe walemba ndalama ya kubanki yokha amatsala ndi K60,000 m'buku ngati kuti fakitale idakali ndi ngongole, n'kumakavutana ndi kasitomala wabwino pa ndalama yomwe inapita ku boma kalekale.

Chomwe buku lolembedwa chonchi likuphunzitsa n'chakuti maso amanamiza. K330,000 ya VAT ili mu akaunti ya mayiyu, koma si yake. Wangoyitolerera boma, ndipo ayenera kuyipereka pofika pa 25 mwezi wotsatira, atachotsako VAT yomwe iye analipira pogula nsalu, ulusi ndi mazipi, bola akhale ndi malisiti ovomerezeka a katunduyo. Tsikuli silidikira kuti fakitale ilipire kaye. Akaiona ngati phindu n'kuyipititsa ku Limbe kukaoda nsalu ina, pa 25 pamupeza alibe kanthu, ndipo chindapusa chimayamba kuwerengedwa.

K60,000 ija ili mosemphana. Mu akaunti mwake mulibe, koma ndi yake. Ndi msonkho wa pa phindu womwe walipiriratu kudzera m'manja mwa fakitale, ndipo fakitaleyo iyenera kuyitumiza ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Chaka cha msonkho chikatha, ndalamayi imachotsedwa pa msonkho womwe mayiyu ayenera kupereka. N'chifukwa chake siyilembedwa pamodzi ndi zowonongedwa monga lendi kapena thiransipoti. Umboni wake ndi setifiketi ya msonkho wodulidwa yomwe ili ndi dzina ndi TPIN yake. Mawu a bolopeni pa chithunzi si umboni. Maoda khumi otere pa chaka ndi K600,000, ndalama yomwe munthu wosasunga masetifiketi amavutika kuyitsimikizira ku Msonkho House.

Pali malire awiri oyenera kuwadziwa. Wamalonda yemwe sanalembetse VAT saloledwa kuyiika pa invoisi, choncho kwa iye ngongole ya fakitale ndi K2,000,000, kubanki kulowa K1,940,000, ndipo mzere wa VAT mulibe m'buku mwake. Komanso yemwe ali ndi setifiketi ya MRA yomukhululukira msonkho wodulidwa sadulidwa kanthu, bola aipereke ku fakitale malipiro asanakonzedwe ndipo ikhale yosatha ntchito.

Pomaliza, chithunzi cha pa foni n'chothandiza kuti buku lilembedwe tsiku lomwelo, koma foni imatayika ku Ginnery Corner ngati kwina kulikonse. Kope la invoisi, pepala la kubanki ndi setifiketi ya K60,000 zimangiriridwe pamodzi, ndipo nambala ya invoisi ilembedwe pambali pa mizere yonse iwiri ya m'buku.