MNYAMATA WOONDA WOFUNA MINOFU: MBALE IYAMBE, ZITSULO ZITSATIRE

M'makomboni a mu Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, si cacilendo kuona anyamata atasonkhana kuseri kwa nyumba madzulo, ali kunyamula citsulo cimene aikako zitini za simenti uku ndi uku. Pakati pao sipalephera kukhala mmodzi woonda amene amafika tsiku ndi tsiku, natuluka thukuta kupambana anzace onse, koma miyezi ipita thupi liri cimodzi-modzi. Kunyumba amai ace adandaula kuti mwana uyu angodya nthongo zowerengeka nasamba m'manja, ati wakhuta.

Mnyamata wotere sasowa masewera. Cimene asowa ndi cakudya cokwanira kumanga thupi, ndipo akacurukitsa masewera ndi pamene bvuto lace likulira-kulira. Zitsulo zimangouza thupi kuti minofu ifunika kukula, koma zomangira minofuyo zicokera m'mbale.

Ayambe wapita ku kiliniki

Kuonda kwina ndi kwa cibadwa, kwina ndi kwa matenda. Amene ali woonda kuyambira ubwana, makolo ace ali otero, ndipo agwira nchito zace ndi mphamvu, kawiri-kawiri alibe nthenda. Koma amene wayamba kuonda posacedwa, lamba nkumafuna ciboo catsopano, asagwire citsulo asanaonane ndi anyamwino. Cifuwa ca milungu iwiri kapena kuposa, kutuluka thukuta usiku ndi kutentha thupi zingakhale zizindikiro za cifuwa cacikuru ca TB. Ludzu losatha ndi kukodza pafupi-pafupi ziloza ku matenda a shuga. Kutsegula m'mimba kosaleka, njoka za m'mimba, kacirombo ka HIV ndiponso nkhawa yaikuru, zonsezi zimaondetsa kapena kupha njala. Kupima TB ndi HIV m'makiliniki a boma ndi kwaulere, ndipo amene apezeka ndi nthenda nayamba mankhwala angathe kulimbitsa thupi pambuyo pace, adokotala akabvomereza.

Citsanzo ca mnyamata wa makilogalamu 55

Mwacitsanzo pakhale mnyamata wa zaka 20, wamtali mamita 1.75, wolemera makilogalamu 55, amene ku kiliniki sanamupeze ndi matenda. Pa msinkhu umenewu, kulemera koyenera kuyambira pa makilogalamu ngati 57, motero iye ali pansi pang'ono. M'mawa amwa tiyi ndi buledi, masana adya citumbuwa kapena osadya konse, usiku ndiye nsima.

Mphamvu ya m'cakudya amaiwerenga m'makalori. Kuti thupi liyambe kukula, mnyamatayu afunika makalori 300 kufika 500 pa tsiku pamwamba pa zimene adya tsopano. Ambiri akamva zimenezi aganiza zowonjezera nsima, ndipo apa ndi pamene alepherera. Nsima ndi yabwino, koma iri ndi madzi ambiri ndipo idzaza mimba msanga. Munthu wa njala yocepa akadzikakamiza nsima yowirikiza usiku, m'mawa adzuka mimba iri ndwii nalumpha cakudya ca m'mawa, ndiye kuti zimene anawonjezera wazibwezanso.

Njira yabwino ndi kusankha zakudya zazing'ono m'maso koma zolemera mphamvu. Nshawa zokazinga zodzaza dzanja limodzi, magalamu ngati 30, ziri ndi makalori pafupi-fupi 170. Kapu ya mkaka iri ndi 150. Supuni yaikuru ya saladi yothira mu ndiwo kapena m'phala iri ndi 120, ndipo nthoci imodzi iri ndi 100. Zinai zimenezi pamodzi zipitirira 500, koma palibe cimodzi mwa izo cimene cingalemetse mimba. Kotapela pa nyengo yace, cimponde copaka pa buledi ndi ndiwo zotendera zigwiranso nchito yomweyo. Nshawa zacuku kapena zowawa azitaye, pakuti cuku ca m'nshawa cimaononga ciwindi.

Asayambe zonse tsiku limodzi. Mlungu woyamba awonjezere ziwiri cabe, nshawa pa 10 koloko m'mawa ndi mkaka asanagone. Mimba ikazolowera, mlungu waciwiri abweretse nthoci pa 4 koloko madzulo ndi saladi wa mu ndiwo. Cacikuru ndi cakuti adye poyang'ana nthawi, asayembekeze njala, cifukwa kwa munthu wotere njala ibwera mocedwa kapena siibwera konse. Kudya kasanu pang'ono-pang'ono kumuyendera bwino kupambana kudya kawiri mokakamiza. Madzi, tiyi ndi maheu amwe atatha kudya, osati asanadye, pakuti zitenga malo a cakudya. Fodya nayenso amapha njala. Amene mkaka wamba umuturutsa mpweya kapena kumutsegula m'mimba ayese mabisi, amene ambiri awapeza osabvuta.

Minofu imangidwa ndi zakudya zomanga thupi, zimene azaumoyo azicha mapuloteni. Wonyamula zitsulo afunika magalamu ngati 1.6 pa kilogalamu iriyonse ya thupi lace, ndiye kuti kwa mnyamata uyu ndi magalamu pafupi-fupi 90 pa tsiku. Nyama ya tsiku ndi tsiku siifunika. Mazira awiri apatsa magalamu 12, kapenta wouma wodzaza dzanja apatsa pafupi-fupi 18, kapu ya nyemba zophika 15, ndipo mkaka ndi nshawa zija ziwonjezera 16. Zotsalazo zicokera mu nsima, phala ndi buledi. Tsiku limene kapenta wadula, soya alowa m'malo mwace. Mapaketi odula a ufa wa mapuloteni ali cabe cakudya conga comweci, ndipo ndalama zace zingagule mazira ndi nshawa zambiri.

Apa banja liri ndi mbali yace. Pa nyumba imene onse adyera mbale imodzi, wodya pang'ono-pang'ono ndiye atsala, ndiwo zitha iye asanafike pakati. Amai akamupatulira ndiwo zace m'kambale, aona ndi maso ao ngati wamaliza kapena iai.

Masiku atatu akwanira

Mnyamata amene abvutika kudya acite masewera masiku atatu pa mlungu, monga Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu, kwa mphindi ngati 45. Minofu ikula pa tsiku lopumula, ndipo ora liri lonse lowonjezera limatentha cakudya cimene wacipeza mobvutika. Masewera akhale anai okha, amene agwiritsa nchito minofu ikuru-ikuru.

Oyamba ndi kunyonyomala ndi kuimirira atakumbatira thumba la mcenga pacifuwa, zidendene ziri pansi, msana uli woongoka. Aciwiri ndi mapuresapu, kugona cafufumimba ndi kudzikankha ndi manja. Acitatu ndi kukoka: kulendewera pa citsulo colimba ndi kudzikweza mpaka cibwano cifike pamwamba, kapena ngati sangathe, kuwerama ndi kukokera thumba ku mimba. Acinai ndi kunyamula katundu kucokera pansi, monga zigubu ziwiri za madzi, akukankhira matako kumbuyo, msana osapindika. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, motero cigubu ca malita 20 cimuuza bwino lomwe kulemera kumene anyamula, cinthu cimene citini ca simenti sicingamuuze.

Masewera ali onse acite maulendo 8 kufika 12 osaima, ndipo cimeneci ndi cigawo cimodzi. Apumule mphindi ziwiri, nacitenso. Milungu iwiri yoyamba zigawo zikhale ziwiri, pambuyo pace zitatu. Katundu akhale wolemera kotero kuti pomaliza cigawo amva kuti akadatha maulendo ena awiri okha. Kulimbana mpaka katundu atagwa m'manja kulibe phindu kwa woyamba kumene, kumangomutopetsa ndi kumulanda njala ya usiku.

Cimene cikulitsa minofu ndi kuwonjezera pang'ono-pang'ono, ndipo cifukwa cace asunge kabuku. Tsiku loyamba mwina anyonyomala ndi thumba la makilogalamu 15 nalemba 10, 9, 8. Mlungu wotsatira alemba 11, 10, 10. Tsiku limene alemba 12, 12, 12, athire mcenga wina wa makilogalamu awiri ndi kubwerera ku maulendo 8 kapena 9. Mapuresapu akafika popepuka, aike mapazi pa benchi kapena abereke cikwama ca mabuku. Masewera akhale omwewo kwa miyezi itatu, pakuti wosintha-sintha mlungu uli wonse sadziwa ngati apita patsogolo.

Anyamata ambiri akonda kupinda mkono ndi citsulo kwa ora lathunthu, poti mkono ndiwo uoneka m'malaya. Mnofu wa mkono ndi waung'ono, ndipo ugwira kale nchito pokoka. Wofunabe acite zigawo ziwiri pomaliza, zinai zija zitatha. Mpira sauletsedwa, koma ukhale wa kamodzi kapena kawiri pa mlungu. Wothamanga m'mawa uli wonse, kapena wogwira nchito yolemetsa monga kuumba njerwa ndi kukankha wilibala, afunika cakudya coposa cija, ndipo angacite bwino ndi masiku awiri okha a zitsulo. Tulo tikhale ta maora asanu ndi awiri kapena kuposa.

Sikelo ndiyo iweruza

Adzipime kamodzi pa mlungu, pa sikelo imodzi-modzi, m'mawa asanadye, atabvala zobvala zopepuka. Kulemera kumasintha ndi madzi ndi zimene ziri m'mimba, motero mlungu umodzi sunena kanthu. Cofunika ndi kukwera kwa kilogalamu imodzi kufika ziwiri pa mwezi.

Ngati papita milungu itatu sikelo iri pa 55 pomwepo, mnyamata aganiza kuti masewera acepa nawonjezera tsiku lacinai. Kumeneko ndi kulakwa. Cimene cacepa ndi cakudya, ndipo awonjezere cinthu cimodzi, monga buledi wa cimponde kapena kapu yaciwiri ya mkaka, nayembekezenso milungu iwiri. Ngati sikelo ikwera koma manambala a m'kabuku aima, ndiye kuti katundu ndi wopepuka kapena alumpha masiku. Ngati akwera kuposa theka la kilogalamu mlungu ndi mlungu, thalauzi nkumathina m'ciuno mokha, ambiri mwa iwo ndi mafuta, ndipo acotse saladi wowonjezera uja. Mphamvu zikamatsika, tulo nkumasowa, njala nkutheratu, apumule mlungu umodzi ndi kubwerera ku zigawo ziwiri. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira nkozolowereka ndipo kutha kokha, koma ululu wobaya m'bondo, m'phewa kapena kumsana ndi cizindikiro coleka masewerawo.

Akatsata zimenezi, pa miyezi isanu ndi umodzi mnyamatayu angafike pa makilogalamu 60 kapena 61. Si zonse zimene zidzakhale minofu, mafuta pang'ono abwera nao limodzi. Kucedwa kumeneku ndiko kucititsa ena kugula mapilisi ndi mankhwala akumwa onenepetsa kwa ogulitsa a m'misika. Ena mwa mankhwalawa angobweretsa njala ndi tulo. Ena ndi a gulu la masiteroidi ocizira kutupa, amene atupitsa nkhope ndi mimba, akweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, afooketsa citetezo ca thupi, pamene minofu ya miyendo ndi manja aicepetsa. Amene wawamwa kale kwa milungu ingapo asaleke mwadzidzidzi, pakuti kutero nkoopsa. Apite nao ku kiliniki, botolo kapena paketi iri m'manja, kuti azaumoyo amuuze mocepetsera.