Musanathire ya penshoni m'chigayo, yambani mwawerenga ndowa

Mukafunsa anthu amene atsala zaka zochepa kuti apume pantchito mumzinda za chimene akachite kumudzi, ambiri amayankha kuti chigayo. Maganizowa si olakwika, pakuti nsima imadyedwa tsiku lililonse ndipo ogayitsa amalipira pompopompo. Vuto ndi lakuti ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo wa makina ku Limbe kapena ku Lilongwe, pomwe funso loyamba limayenera kukhala lakuti pamalopo padzabwera ndowa zingati pamwezi.

Tiyambe ndi ndalama imene mudzaigwire m'manja. Kwa ogwira ntchito m'makampani, olemba ntchito amaika 10 peresenti ya malipiro anu ku thumba la penshoni, inu n'kuikapo 5 peresenti. Lamulo la penshoni la 2023 limalola kuti popuma mutenge theka la ndalamayo nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti. Theka linalo ndi limene limasanduka kangachepe ka mwezi ndi mwezi. Ena mwa ogwira ntchito m'boma ali ndi dongosolo lawolawo, choncho aliyense apemphe sitetimenti ku ofesi yosunga penshoni yake, makamaka zaka zisanu zisanakwane. Muonenso ngati abwana akhala akutumizadi ndalamazo mwezi uliwonse, chifukwa alipo makampani amene amadula pa malipiro koma osatumiza, ndipo nkhani yotere imavuta kulondola mutachoka kale pantchito.

Tiyerekeze bambo wina, kalaliki ku Blantyre, kwawo ku Dedza, watsala zaka zitatu kuti apume. Ziwerengero zonse zimene zikubwerazi ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke, inu muikepo mitengo ya kwanu ya lero. M'thumba la penshoni akuyembekeza K24 miliyoni, ndiye kuti ya nthawi imodzi ndi K12 miliyoni. Kubanki ndi ku Sako wasungako K3 miliyoni. Makina okonolera ndi ogayira, mamota, kanyumba kake ndi kulumikiza magetsi, zonse pamodzi amuuza kuti zifika K10 miliyoni.

Pa tchuthi chake chapachaka, bamboyu asapite kumudzi kukangopereka moni. Ayende m'midzi imene mayi angachokeko ndi ndowa pamutu kapena thumba panjinga kudzagayitsa, afunse mafumu kuti mabanja alipo angati. Tinene kuti wapeza mabanja 400. Banja la anthu anayi kapena asanu limadya pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50 pamwezi, lomwe ndi ndowa zitatu kapena kucheperapo pang'ono. Ndiye kuti dera lonselo limagayitsa ndowa 1,200 pamwezi. Ena amadya mgaiwa, ena amafuna ufa woyera, womwe umayamba wakonoledwa, n'kuviikidwa, n'kuyanikidwa, kenako n'kudzagayidwa. Amenewa amalipira kawiri. Ngati theka la anthu limakonola, ntchito yonse ikhala ndowa 1,800 pamwezi.

Apa ndi pamene nkhani imagawikana. Ngati pamsikapo pali kale zigayo ziwiri, watsopano asayembekeze zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu, lomwe ndi ndowa 600. Pa K1,000 ndowa imodzi, zolowa ndi K600,000 pamwezi. Achotsepo K150,000 ya magetsi, K250,000 ya wogayitsa ndi mlonda, ndi K50,000 ya masefa, malamba, girizi ndi tizitsulo tophwanya chimanga timene timatha msanga. Yotsala ndi K150,000.

Koma miyezi si yofanana. Kuyambira Epulo, anthu akangokolola, pachigayo pamakhala mzere. Pofika Disembala mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, anthu akugula chimanga cha m'timbale kapena ufa wa m'timajumbo, ndipo amene ali nacho amasiya kukonola poopa kutaya madeya. Ntchito ikatsika ndi theka, zolowa zikhala K300,000, magetsi K75,000, zokonzera K25,000, koma malipiro a antchito satsika. Mwezi wotere chigayo chikudya K50,000 ya m'thumba mwa mwini. Miyezi isanu ndi itatu yabwino ipereka K1.2 miliyoni, miyezi inayi yoipa ichotsapo K200,000, pachaka patsala K1 miliyoni. Kuti K10 miliyoni ija ibwerere padutsa zaka khumi, ndipo apo n'kuti mota isanapseko ngakhale kamodzi. Munthu wa zaka 60 alibe zaka khumi zodikira.

Tsopano makina omwewo, munthu yemweyo, koma pamalo pamene chigayo china chili kutali ndipo ndowa zonse 1,800 zikubwera kwa iye. Zolowa ndi K1.8 miliyoni, magetsi K450,000, zokonzera K150,000, malipiro omwe aja K250,000, yotsala K950,000. M'miyezi ya njala imatsika kufika K350,000 koma sataya. Pachaka ndi K9 miliyoni, ndipo mpamba wabwerera chaka chachiwiri chisanafike pakati. Kusiyana konseku kwabwera chifukwa cha malo basi. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kumanga chigayo pakhomo pa makolo, pongoti malowo ndi aulere, ndi chisankho chodula kwambiri pa zonse.

Njira yotsimikizira ziwerengerozi ndi yotsika mtengo. Khalani pafupi ndi chigayo chimene chilipo kale, muwerenge ndowa zolowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku la msika ndi tsiku wamba. Muchite zimenezi kamodzi mu Juni, kamodzinso mu Febuluwale. Amene amangowerenga mu Juni yekha amagula makina aakulu kuposa ntchito imene ilipo. Mufunsenso ngati kumeneko ogayitsa amasiya madeya kapena amatenga, popeza oweta nkhumba ndi nkhuku amawagula ndipo ndi kandalama kena kapadera.

Malo opanda chigayo nthawi zambiri amakhala choncho pa chifukwa, ndipo chifukwacho kawirikawiri ndi magetsi. Mota ya chigayo imafuna magetsi a mafezi atatu. Kuona mababu akuyaka m'magolosale a pamsika, ngakhale pamene pafika magetsi a MAREP, sikutanthauza kuti thiransifoma ya pamenepo inganyamule mota yanu. Pitani ku ESCOM akayendere malowo ndipo akupatseni mtengo wolumikizira wolembedwa papepala musanagule chitsulo chilichonse. Malo akatalikirana ndi thiransifoma, mapolo ndi mawaya amatha kudula kuposa chigayo chenicheni, ndipo kulumikiza kumatha kutenga miyezi, makina ali mu sitolo akuchita dzimbiri. Pomanga musaumire ndalama ya sitata yabwino yoteteza mota. Fezi imodzi ikaduka mota imalira mwachilendo n'kuyamba kutentha, ndipo wogayitsa akapanda kuzimitsa msanga mawaya am'kati amapsa. Kumbukiraninso kuti namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuthima kwa magetsi kunavuta kwa chaka chonse, ndipo antchito a pazigayo ankalandirabe malipiro. Injini ya dizilo imapulumutsa pa vutoli, koma imakweza mtengo wogayira ndowa iliyonse, ndipo mafuta akasowa m'dziko, kumudzi ndi kumene amasowa koyamba.

Za malo nazo zikonzedwe mudakali pantchito. Malo a kumudzi amene munapatsidwa pakamwa ndi amalume amakhala anu mpaka tsiku limene chigayo chayamba kupanga ndalama. Kwa amene ali pachikamwini, malowo ndi a mbumba ya akazi anu, ndipo banja likasokonekera kapena mayi akatsogola, kanyumba ka njerwa simunganyamule. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo otere. Kumene kulembetsako sikunafike, pakhale kalata yosainidwa ndi eni mbumba ndi amfumu, mboni zilipo. Malisiti a makina akhale m'dzina lanu, ndipo chiphaso cha bizinesi mukatenge ku khonsolo.

Nanga ndalama izilowa liti? K3 miliyoni yosunga ija ndi yoyambira zaka zitatu zisanathe: maulendo owerenga ndowa, makalata a malo, kuumba njerwa, kulipira ESCOM. Zonsezi zikuchitika malipiro a mwezi akubwerabe, choncho ngati masamu akana, mwataya zochepa ndipo ya penshoni ili yosakhudzidwa. Lamulo la 2023 limalolanso amene watsala zaka zisanu kapena zochepera kuti atapeko gawo la penshoni yake asanapume. Mwayiwu ndi wabwino kwa amene wamaliza kafukufuku, chifukwa makina ndi mamota ambiri amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi mtengo wakale papepala anapeza kuti ndalama yake sikukwananso. Koma chimene mwatapa lero sichidzapezekanso tsiku lopuma, ndiye pemphani akuwerengereni mmene chidzachepetsere zimene mudzalandire.

Pa K12 miliyoni ya nthawi imodzi, bambo wathuyu awononga pafupifupi K7 miliyoni pomaliza chigayo, popeza K3 miliyoni inalowa kale. Pa K5 miliyoni yotsala, K2 miliyoni ikhale ya chigayocho: mayunitsi, malipiro a miyezi yoyamba, ndi yokulungira mota ikapsa. K3 miliyoni inayo ikhale kubanki pa akaunti yobereka chiwongoladzanja, ya matenda ndi feteleza, ndipo abale asaidziwe n'komwe. Ngati kuti chigayo chiime pakufunika ndalama yonse ndi ngongole pamwamba, bizinesiyo yakula kuposa thumba lanu. Yambani ndi makina ogayira okha, okonolera adzabwere ndi phindu.

Chimene chimagwetsa zigayo zambiri za anthu opuma pantchito si makina koma kasungidwe ka ndalama, makamaka chikayamba mwini ali kutauni n'kusiyira mphwake. Pali njira yosavuta yodziwira ngati ndalama ikudontha. Sabata yoyamba khalani pomwepo nokha, mulembe mayunitsi a pamita m'mawa ndi madzulo, ndiponso ndowa zimene zagayidwa. Mukapeza kuti mayunitsi 100 amagaya ndowa zakutizakuti, chiwerengerocho ndiye mlonda wanu weniweni. Mayunitsi muzigula nokha pafoni. Mwezi wina mayunitsi akatha ofanana koma m'kabuku ndowa zachepa, ndiye kuti mwina tizitsulo tophwanyira tatha ndipo makina akudya magetsi ambiri, kapena wina akugaya osalemba. Tsegulani makinawo muone tizitsuloto kaye musanakalipire munthu. Olandira ndalama asakhale yemwe akugaya, ndipo za azakhali ndi alamu ofuna kugaya pangongole mugwirizane tsiku loyamba kuti ndowa zaulere ndi zingati pamwezi, zilembedwe m'kabuku momwemo.