Dzira la Agogo

Werengani nkhaniyi mokweza, kenaka muyankhe mafunso.

Ku Kawale kunali mnyamata wa zaka 10 amene ankakhala ndi agogo ake. Tsiku lina agogo analawirira kumsika osadya kanthu. M'nyumba munali dzira limodzi lokha. Likapserera, basi, panalibenso lina.

Mnyamatayo anaika dziralo m'kapu ya madzi. Linamira. Paja inu mukudziwa, dzira labwino limamira, lovunda limayandama.

Anakoleza mbaula, natereka chiwaya chonyowa. Atathira supuni imodzi ya mafuta, mafutawo anathetheka mpaka kumuwotcha chala. Anaphula chiwayacho. Chitazizira anachipukuta, nachepetsa makala, nathiranso mafuta. Anaswera dzira m'chiwaya, nawaza kamchere. Choyera chija chitalimba, analitembenuza.

Agogo atafika anati, "Kodi kununkhiraku n'kwa m'nyumba muno?"

"Khalani pansi agogo, ndakukazingirani dzira."

M'mbali linali litapsererako pang'ono. Agogo analigawa pakati, nati, "Tidye tonse, mdzukulu wanga. Koma tsiku lina usakoleze moto uli wekha."

Mafunso

1. Mungadziwe bwanji dzira lovunda?
2. N'chifukwa chiyani mafuta anathetheka?
3. Lembani malangizo amene agogo anapereka.